Ndinalemba kuti ana "adziwa" ndi "amvetsa", alangizi akuti ndilembenso: thandizeni aphunzitsi anzanga

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Lachitatu. Kunabwera alangizi a zamaphunziro kudzaonerera phunziro langa la zaulimi mu Sitandade 6, mutu wake kukokoloka kwa nthaka. Pa pulani, paja timalemba zizindikiro za kakhonzedwe, ndinaikapo zitatu: ophunzira adziwa tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka, amvetsa zomwe zimayambitsa, azindikira kuipa kwake. Phunziro linayenda bwino, ana ankayankha mokweza. Titakhala pansi pa mtengo kukambirana, alangizi aja anandifunsa kuti, "Madamu, ana awiri atakhala phee pa desiki imodzi, wina wamvetsa wina sanamvetse, mungaloze kuti womvetsayo ndi uyu?" Ndinasowa choyankha. Anati ndilembenso zolinga za mutu wonse ndi aneni oonetsa zochita, kuyambira pa kukumbukira mpaka pa kupanga chatsopano. Ku koleji tinaphunzira ndithu, koma ndikafika polemba ndimangobwerera ku "atchula" ndi "afotokoza". Pulani ndimalemba m'Chingerezi, koma ndikufuna tiiganize m'Chichewa kuti indilowe. Ana ndili nawo 96.

Madamu Nkhoma: Musadandaule achemwali, si inu nokha. Kwathu kuno ku Kawale tinamata tchati m'chipinda cha aphunzitsi, chili ndi masitepe 6 ndi aneni ake pansi pa sitepe iliyonse. Kukumbukira: tchulani, lembani mndandanda, lakatulani. Kumvetsa: fotokozani, perekani chitsanzo. Kugwiritsa ntchito: werengerani, sonyezani. Kusanthula: siyanitsani, fananitsani. Kuunika: gamulani, tsutsani. Kupanga: pekani, konzani. Mukamalemba pulani, tengani mneni mmodzi pa sitepe iliyonse, mukhala ndi zolinga 6, basi mwathana nazo. Ine ndikamasayina mapulani a anzanga ndimayang'ana zomwezo.

aKamanga a ku Mitundu: Ine ndili pa chaka chophunzitsa moyeserera, ndiye ndikutsatira ndi chidwi. Pa sitepe yomaliza ija ndiye sindivutika. Ndimawauza ana kuti ajambule chithunzi cha phunzirolo pa pepala lalikulu. Sabata yatha anajambula phiri, mvula ikugwa, dothi likutsetsereka, ndipo tinamata pakhoma. Kumeneko ndiye kupanga, si choncho?

Bambo Mbewe: Zikomo mayi Nachisale poyambitsa nkhaniyi. Ndiyambe ndi funso la alangizi aja chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Kudziwa, kumvetsa ndi kuzindikira ndi zinthu zabwino, ndipo ndi zomwe tikufuna, koma zimachitikira m'mutu mwa mwana momwe ife sitingasuzumiremo. Cholinga cha phunziro chimafuna mneni amene mwana akachita, inu muona ndi maso, mumva ndi makutu, kapena mupeza m'kope. Ndiye musanalembe, dzifunseni kuti mwana amene wamvetsa achita chiyani chimene wosamvetsa chimukanika. Yankho lake ndiye cholinga chanu.

Masitepe amene Madamu Nkhoma atchulawa anachokera kwa Benjamin Bloom ndi anzake ku America mu 1956. Mu 2001 gulu lotsogozedwa ndi Lorin Anderson ndi David Krathwohl linawakonzanso. Anasintha mayina a masitepewo kukhala aneni, ndipo kupanga chatsopano anakukweza pamwamba pa kuunika, pomwe poyamba kuunika ndi kumene kunali pamwamba. N'chifukwa chake ena a ife amene tinadutsa ku koleji kalekale timatsutsana ndi achinyamata za sitepe yomaliza, chonsecho tonse tinaphunzira zoona, mabuku ake ndi osiyana.

Koma madamu a ku Kawale, pa mfundo ziwiri ndikusiyana nanu. Choyamba, zolinga 6 pa piriyodi ya mphindi 35 sizingakwane. Masitepewo ndi a mutu wonse, si a tsiku limodzi. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mneni payekha sauza sitepe. Ndibwerako ndikamaliza kudya.

Madamu Nkhoma: Za nthawizo ndavomera pang'ono, nanenso ndimaona aphunzitsi akuthamangitsa phunziro ngati akuthawa mvula. Koma zoti mneni sauza sitepe ndiye ayi. Nanga tchati chija anachipangiranji? "Siyanitsani" ndi wa kusanthula, sangasanduke wa kukumbukira.

Bambo Mbewe: Angasanduke, madamu, ndipo amasanduka tsiku ndi tsiku m'makalasi mwathu. Taonani. Lolemba mwalemba pabolodi kuti kukokoloka kopalasa pamwamba kumachotsa dothi pang'onopang'ono paliponse osasiya njira yooneka, pomwe kwa zigwembe kumakumba mozama malo amodzi. Ana akopera m'makope. Lachisanu mwafunsa kuti, "Siyanitsani kukokoloka kopalasa pamwamba ndi kwa zigwembe." Mwana akulemba ziganizo ziwiri zomwe zija, mwina ndi kulakwitsa komwe munalakwitsa pabolodi. Wasanthula chiyani pamenepo? Wangokumbukira. Mneni ndi wapamwamba, ntchito ndi yapansi.

Tsopano tengani mneni wooneka wotsika, "tchulani". Mwatuluka ndi ana panja, mwaima pa malo amene simunawafotokozerepo, mwati, "Tchulani chinthu chimodzi chimene chikanachotsedwa pano, chigwembe ichi sichikanakhalapo." Kuti mwana ayankhe ayenera kuyang'ana denga, kutsetsereka kwa malo, njira imene anthu amadutsa, n'kusankha chomwe chili gwero. Kumeneko ndiye kusanthula, ngakhale mneni ndi "tchulani". Chimene chimakweza kapena kutsitsa cholinga ndi ichi: kodi yankho mwana analilandira kale kwa inu, kapena alipeza yekha pa chinthu chimene sanachionepo? Ndiponso mukayang'ana matchati osiyanasiyana mupeza mneni mmodzi ali pa masitepe awiri. "Fananitsani" ena amamuika pa kusanthula, koma a 2001 aja anamuika pa kumvetsa. Tchati n'chothandiza pokumbutsa mawu, koma sichingakulembereni cholinga.

Nachisale: Bambo Mbewe, zomwe mwanenazi ndi zomwe zinandichitikira teremu yatha. Ndinafunsa pa mayeso kuti "fotokozani zotsatira za kudula mitengo", ana pafupifupi onse anakhoza, ndinasangalala. Patapita masabata awiri tikudutsa kuseri kwa buloko yathu, ndinafunsa mtsikana amene anapeza malikisi onse kuti n'chifukwa chiyani mizu ya mtengo wa kesha uja ili pamtunda. Anati mtengowo wakalamba. Mizu ili poyera chifukwa dothi linapita ndi madzi, iye analemba zomwezo pa pepala, koma sanazione zili patsogolo pake.

Ndipo kuseri kwa buloko komweko kuli chigwembe chenicheni. Chimayambira pamene madzi a padenga amagwera, n'kutsetsereka mpaka ku zimbudzi za atsikana. Chaka chatha mwana ankachidumpha ndi phazi limodzi, pano a Sitandade 1 amazungulira. Kodi ndingamange zolinga zonse pa chigwembe chimenechi?

Bambo Mbewe: Mwapeza chipangizo choposa buku, ndipo n'chaulere. Tiyeni tilembe limodzi. Mutuwu mwaupatsa mapiriyodi angati pa sikimu?

Nachisale: 6, m'masabata awiri. Ndayamba chonchi. Choyamba: ophunzira atchula mitundu 4 ya kukokoloka kwa nthaka ndi madzi. Chachiwiri: ophunzira afotokoza momwe udzu umatetezera nthaka. Kupitirira apo ndaima.

Bambo Mbewe: Choyambacho chili bwino, ndipo mwachita bwino kuika nambala. Mukanangoti "atchula mitundu", mwana wotchula umodzi ndi wotchula yonse akanakhala kuti onse akwanitsa. Ndingangowonjezera mawu akuti "osayang'ana m'kope". Cholinga chabwino chimanena zinthu zitatu: chochita, momwe zinthu zilili pochitapo, ndi muyezo wosonyeza kuti wakhoza. Izi anazitsindika kwambiri Robert Mager mu 1962. Sikuti cholinga chilichonse chitalike ngati chikalata cha kukhoti, koma inuyo muzidziwa mayankho a zitatuzo.

Chachiwiricho ndi chomwe chingagwe mu msampha uja. Ngati mwalemba kale pabolodi kuti udzu umagwira dothi ndi mizu ndipo umachepetsa liwiro la madzi, "afotokoza" asanduka "alakatula". Chitani chonchi. Tengani mabotolo awiri apulasitiki a malita 2, muwadule m'litali ngati bwato. Lina mudzaze dothi lokhalokha, lina muikemo chigamba cha dothi chomwe chili ndi kapinga wake. Muwatsamiritse pa njerwa mofanana, muthire madzi ofanana, kapu imodzi imodzi, ndipo pakamwa pa botolo lililonse mutchere kapu yoonekera mkati. Kwina kutuluka madzi ofiira msanga, kwina atuluka mochedwa ndiponso oyererako. Inu musanene kanthu. Cholinga chikhale chakuti: ataona zochitika m'mabotolo awiri, ophunzira afotokoza m'mawu awoawo chifukwa chake madzi asiyana mtundu, potchula ntchito ya mizu kapena ya masamba. Mwana akalemba kuti "udzu wakakamira dothi", Chingerezi chake kaya chothyoka, wamvetsa. Akalemba kuti "botolo lina linali lakuda kale", mwadziwa pobwerera.

aBanda a Sitandade 8: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Ndinene mosabisa, anzanga. Ine ndili ndi mayeso a MANEB patsogolo. Makolo safunsa kuti mwana wapanga pulani yokwirira chigwembe, amafunsa kuti wasankhidwa kupita kusekondale iti. Mabotolo, njerwa, kutuluka panja, zonsezo zimadya nthawi yomwe ndikanabwereza mapepala akale. Ndikalemba zolinga zapamwambazo pa pulani n'kuphunzitsa za mayeso, ndiye ndikunamiza ahedi. Ndikaphunzitsadi zapamwambazo, silabasi sinditsiriza. Ndiye ine ndimalemba "atchula" ndi "afotokoza" chifukwa ndi zomwe ndimachitadi.

Nangondo: Aphunzitsi a Sitandade 8, pa chilungamo chanucho ndakulemekezani. Kuli bwino kulemba zomwe ukuchitadi kusiyana ndi kukongoletsa pepala. Koma ine ndili ndi funso langa, pepani ndapatutsa. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 cha ku Lumbadzi. Anzanga ena amati masitepe apamwambawo ndi a ana akuluakulu, ife a ana aang'ono tizithera pa awiri oyamba. Koma dzulo ndinapatsa ana maphatikizo ma, la, ta ndi ka, ndinati apange mawu awoawo. Anabwera ndi "mala", "kala", "tama", "malata". Kamnyamata kena kanalemba "takala", mnzake n'kukatsutsa kuti mawuwo kulibe, iko n'kuumirira kuti timakala tating'ono timatchedwa choncho kwawo. Anakangana mpaka ndinalowererapo. Kodi pamenepa sanafike pamwamba?

Bambo Mbewe: Mayi Nangondo, anafika, ndipo amene amati zimenezi n'za akuluakulu akusokoneza zinthu ziwiri, kuvuta kwa phunziro ndi mtundu wa kaganizidwe. Kutchula mayina a maboma onse 28 a dziko lino n'kovuta, koma n'kukumbukira chabe. Kulumikiza maphatikizo kupanga liwu limene mphunzitsi sanalembe n'kosavuta kwa ife, koma kwa mwana wa zaka 7 n'kupanga. Ndipo mwana amene anatsutsa mnzake uja ankayesa liwulo pa muyezo wakuti kodi anthu amalinena, kumene kuli kuunika. Cholinga chanu chingakhale chakuti: atapatsidwa maphatikizo 4, ophunzira apanga mawu atatu atanthauzo amene sali pabolodi. Mawu akuti "amene sali pabolodi" musawasiye, ndi omwe agwira cholinga chonse.

ABanda, nkhawa yanu sindikuipeputsa. Ndinaphunzitsapo kalasi ya mayeso ndipo ndikudziwa momwe mtima umagundira teremu yachiwiri. Sindikunena kuti mutu uliwonse ukwere mpaka pamwamba. Ena athere pa kugwiritsa ntchito, zakwana. Koma m'teremu yonse mukapeza kuti palibe ngakhale mutu umodzi wadutsa pa "afotokoza", pamenepo ndiye pofunika kuima n'kuganiza.

aBanda a Sitandade 8: Mutu umodzi pa teremu ndingayese. Koma sindinakhutire kuti zimathandiza pa mayeso. Ana anga amene amaloweza bwino ndi omwe amakhoza.

Nachisale: Tibwerere ku chigwembe changa chisanandikokolole, ndatsala ndi zolinga zinayi. Pa kugwiritsa ntchito ndaganiza izi: ophunzira agwiritsa ntchito njira zotetezera nthaka. Ndikuona kuti chafooka koma sindikudziwa pomwe chafookera.

Madamu Nkhoma: Chafooka chifukwa mwatenga dzina la sitepe n'kuliyesa mneni. N'chimodzimodzi kulemba kuti "akumbukira" kapena "asanthula". Njira zake ziti, azigwiritsa ntchito pati? Apa ndiye ndithandizeko ndine, chifukwa ulimi ndimaudziwa. Aphunzitseni kupanga chida chopezera mzere wopingasa chija chooneka ngati chilembo A: mitengo iwiri yotalika mofanana yomangidwa kumtunda, wina wopingasa pakati, chingwe cholendewera ndi mwala kunsonga. Chingwe chikagwera pa chizindikiro cha pakati ndiye kuti miyendo yonse yaponda pa levulo imodzi. Cholinga chikhale: pogwiritsa ntchito chidacho, gulu lililonse likhoma zikhomo 5 zotsata mzere wopingasa pa malo otsetsereka. Mukadutsa kuyesa nokha zikhomozo, mudziwa gulu lomwe lakhoza.

Bambo Mbewe: Mwachikonza bwino kwambiri, madamu, sindichotsapo kanthu. Ngati mitengo ingavute, pali njira ina yodzera ku masamu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Mayi Nachisale, ana ayeze buloko yanuyo ndi chingwe cha mita. Tiyerekeze kuti yapezeka mamita 20 m'litali ndi 8 m'lifupi, ndiye masikweya mita 160. Mvula ya mamilimita 10 yokha ibweretsa malita 1,600, kutanthauza zidebe 80 za malita 20. Ngati denga ndi la mbali ziwiri, theka lake, zidebe 40, likutsikira kuseri komwe kuli chigwembe. Mwana akadziwerengera yekha zidebe 40 zikukhuthukira pa mzere umodzi wa dothi losesedwa, safunanso kuuzidwa kuti madzi ali ndi mphamvu. Cholinga: atapatsidwa kuchuluka kwa mvula, ophunzira awerengera malita a madzi ochokera padenga la kalasi yawo. Muwapatse nambala ya mvula yosiyana ndi ya chitsanzo chanu, apo ayi angokopera yankho.

Pa kusanthula ndikufuna tichedwepo chifukwa ndi pomwe ambiri timaterereka. Kusanthula ndi kuphwanya chinthu m'zigawo n'kuona momwe zigawozo zikugwirizanirana, chiti chikuyambitsa chinzake, chiti chilibe nazo ntchito. Mukangofunsa kuti "n'chiyani chimayambitsa kukokoloka", ana akupatsani mndandanda wa m'buku: kudula mitengo, moto wolusa, kuweta ziweto zambiri pa malo ochepa. Zonsezo n'zoona, koma kuseri kwa buloko yanu kulibe ng'ombe, kulibe moto wa tchire. Ndiye cholinga chikhale chotere: atayendera chigwembe kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ophunzira asiyanitsa zifukwa zomwe zikuchitikadi pamalopo ndi zomwe sizikukhudza malowo, ndipo aloza umboni wa chifukwa chilichonse chomwe asankha. Muwapatse zifukwa 6 pabolodi, zitatu za pamalopo monga madzi a padenga, kusesa bwalo mpaka udzu kutha ndi kanjira kopita kuzimbudzi, ndi zitatu za m'buku zomwe kulibe. Mwana amene wachonga zonse 6 ali pa kukumbukira. Amene wachonga zitatu n'kulemba kuti "chigwembe chayambira ndendende pansi pa malata" wasanthula. Kuchonga kwake sikutenga nthawi ngakhale ana ali 96, chifukwa mukuyang'ana zinthu ziwiri zokha, zomwe wasiya ndi umboni womwe wapereka.

aKamanga a ku Mitundu: Ndiye kuti chithunzi changa chija sichinali kupanga? Ana anajambula okha ndithu, ndi makrayoni awo.

Nangondo: Achimwene, chithunzi chomwe anajambulacho chili m'buku lawo?

aKamanga a ku Mitundu: Chili momwemo, anatengera pa tsamba lomwe tinawerenga. Koma ena anawonjezera nyumba ndi mbuzi.

Bambo Mbewe: Aphunzitsi a ku Mitundu, mwachita bwino kufunsa poyera, chifukwa ambiri timaganiza kuti manja akagwira krayoni kapena dongo ndiye kuti tafika pamwamba. Anawo anakopera, ndipo kukopera chithunzi sikusiyana ndi kukopera manotsi. Kupanga kumene tikunena ndi kusonkhanitsa zomwe waphunzira n'kutulutsa chinthu chimene panalibe, chothetsa vuto kapena chokwaniritsa cholinga china. Pepala lalikulu lomwelo ndi makrayoni omwewo zingagwire ntchito, mukangosintha zomwe mwawatuma. Muwauze kuti ajambule mapu a bwalo la sukulu yanu, asonyeze komwe madzi amadzera ndi mivi, kenako aikepo okha pomwe angadzale udzu kapena kukumba ngalande, n'kunena chifukwa chake. Mapu amenewo sali m'buku lililonse.

aKamanga a ku Mitundu: Ndamva tsopano. Ndibwereza Lachiwiri, zithunzi zakalezo ndizisiya pakhoma chifukwa ana amazikonda.

Nachisale: Ndayesa ziwiri zomaliza, ndikonzeni. Kuunika: ophunzira akambirana njira yabwino yothetsera chigwembe. Kupanga: m'magulu a ana 8, ophunzira akonza pulani yotetezera malo a kuseri kwa buloko.

Madamu Nkhoma: "Akambirana" ndimamukana pa mapulani onse omwe ndimasayina. Kukambirana ndi njira yophunzitsira, si chotsatira. Ana angakambirane piriyodi yonse osatulutsa kanthu, ndipo m'gulu la ana 8 olankhula amakhala awiri.

Bambo Mbewe: Ndagwirizana nanu. Ndipo liwu lakuti "yabwino" likufuna muyezo. Yabwino pa chiyani? Kuunika kopanda muyezo kumasanduka kuvota, mwana amangoti "ine ndakonda vetiva". Ikani njira zitatu patsogolo pawo: kudzala mizere ya vetiva mopingasa, kutchinga m'chigwembe ndi miyala kapena matumba a dothi, ndi kuika ngalande yolandira madzi m'mphepete mwa denga. Miyezo ikhalenso itatu: ndalama zomwe zingafunike, nthawi yomwe ingatenge kuti iyambe kugwira ntchito, ndi ngati ikuthetsa gwero kapena ikungochepetsa zotsatira. Cholinga: ophunzira asankha njira imodzi mwa zitatu ndipo ateteza chisankho chawo ndi zifukwa ziwiri zochokera pa miyezoyo. Kukoma kwake n'kwakuti yankho lolondola si limodzi. Vetiva safuna ndalama zambiri koma amafuna nthawi kuti amere n'kuthithikana. Miyala imagwira ntchito mvula yoyamba yomwe, koma madzi a padenga akubwerabe. Ngalande ya padenga ikugwira gwero, koma ikufuna komiti ya sukulu itulutse ndalama. Malikisi musapereke pa njira yomwe mwana wasankha, mupereke pa zifukwa zake.

Chomalizacho chili pafupi kutheka. Onjezerani zomwe pulaniyo iyenera kukhala nazo: mapu osonyeza njira ya madzi, njira zosachepera ziwiri zoikidwa pa malo oyenera, zipangizo zopezeka pasukulu pomwepo, ndi ndondomeko ya chomwe chiyambe ndi chomwe chitsatire. Mukawauza ana zinayizi asanayambe, adziwa chomwe mukufuna popanda inu kuwapatsa yankho. Magulu 12 ndiye mapepala 12, mungachonge madzulo amodzi.

aBanda a Sitandade 8: Apa ndiye pali vuto lomwe simunalikhudze. Pepala limodzi, ana 8. Cholinga chikuti "ophunzira akonza", koma wakonza ndi mtsikana mmodzi wanzeru, enawo angolemba mayina. Mudziwa bwanji kuti mwana aliyense wafika pa sitepeyo? Paja tinayamba ndi funso loti tiloze mwana yemwe wamvetsa.

Bambo Mbewe: Funso lolemera limenelo, ndipo yankho lathunthu ndilibe. Chomwe ndinkachita ine ndi kupatsa ana a m'gulu manambala 1 mpaka 8, ndipo pofotokoza pulani ndimatchula nambala ndekha, osati gulu kusankha wolankhula. Zimachititsa kuti azikonzekeretsana. Koma pa ana 96 mumva 12 okha, otsalawo mukungoyerekeza.

Nangondo: Mwina aliyense alembe chiganizo chimodzi m'kope lake chonena chomwe akanasintha pa pulani ya gulu lake. Wongolemba dzina uja aonekera pomwepo. Komabe makope 96 ndi ntchito.

Madamu Nkhoma: Ine pali pena pomwe sindinasunthe. Mwanditsimikizira kuti zolinga 6 pa piriyodi imodzi n'zambiri, ndipo ndikauza anzanga Lolemba. Koma dongosolo la masitepe lisasokonezedwe. Mwana ayambe watchula, kenako afotokoze, kenako zinazo. Simungamutume kukasanthula chigwembe asanadziwe dzina lake.

Bambo Mbewe: Pamenepo akatswiri nawo sagwirizana kwenikweni, madamu. A 1956 ankaona ngati makwerero oti sungadumphe, a 2001 anafewetsako n'kuvomereza kuti masitepe ena amalowerana. Ine ndaonapo ana akuyamba ndi vuto lenileni panja, mayina a zinthu n'kuwagwira pambuyo, ndipo anawagwira msanga chifukwa anali ndi pomangirira. Koma n'zoonanso kuti mwana sangaunike njira zitatu zomwe sakuzidziwa n'komwe.

Madamu Nkhoma: Ndiye kwa ine ndiyambabe ndi mayina. Ana athu ambiri Chingerezi chimawavuta, akapanda kugwira mawuwo tsiku loyamba amasochera mutu wonse.

Nachisale: Ndalemba zonse 6 pa sikimu, chimodzi pa piriyodi, kupatula kuti choyamba ndi chachiwiri ndaziphatikiza tsiku limodzi kuti pulani ya magulu ipeze masiku awiri. Koma ndasintha chinthu chimodzi. Tsiku loyamba tisanalembe kalikonse pabolodi, ndituluka nawo mphindi 5 akaime m'mbali mwa chigwembe, kenako tibwerere kukatchula mitundu. Madamu Nkhoma, mayina abwera tsiku lomwelo, musadere nkhawa. Mabotolo ndawauza kale ana atatu kuti abweretse mawa. Chomwe ndikusowa ndi mbewu ya vetiva, chifukwa magulu akasankha njira imeneyo adzafuna kudzaladi, ndipo mvula yayamba kale kugunda cha ku Dzalanyama. Alipo ali naye pafupi ndi Chinsapo?

aKamanga a ku Mitundu: Kumunda kwa eni nyumba yomwe ndikukhala aliko wambiri m'malire. Ndiwapempha mawa m'mawa, akalola ndizula mapesi okwana thumba limodzi ndibwere nawo Loweruka pa minibasi. Mundiuze poti tikumane m'tauni, madamu.